Zida 32 pa tsamba limodzi: chimene chimagwetsa CV ya wolemba mapulogalamu

Pa ma CV a achinyamata olemba mapulogalamu a pakompyuta pamakonda kupezeka ndime imodzi yonenepa kuposa zonse. Ndi ndime ya maluso, imene mwini wake amaunjikamo dzina la chida chilichonse chimene anachikhudzapo chiyambire chaka choyamba ku yunivesite. Mumapezamo zilankhulo za kompyuta zisanu ndi zitatu, madetabesi anayi, ndipo kumapeto kwenikweni, ngati kuti wakumbukira mochedwa, Microsoft Word. Wolembayo amaganiza kuti mndandanda ukatalika, mwayi woitanidwa ku intavyu nawonso ukukula. Kwa munthu wodziwa ntchitoyi amene akuwerenga, mndandanda wotere umabisa chinthu chimodzi chimene iye akufunafuna, chomwe ndi ntchito imene munthuyu angaigwire Lolemba m'mawa popanda womuyang'anira.

Mantha amene amabala mndandandawu ndi omveka. Kampani iliyonse ili ndi zida zake. Ina imalemba ndi Java, ina ndi PHP, ina ndi Python, ndipo wofuna ntchito amaopa kuti akasiya dzina limodzi, mwina ndi lomwelo limene abwana amafuna. Enanso anamva kuti makampani akuluakulu amasunga ma CV m'mapulogalamu monga Workday kapena Greenhouse, momwe wolemba anthu ntchito amatha kufufuza ndi mawu, ndiye amati bola kuthiramo mawu onse. Nkhani ya makinawa tiibwerera, chifukwa ili ndi choonadi chake. Koma tiyambe ndi anthu.

CV ya wolemba mapulogalamu imadutsa m'manja awiri osiyana. Oyamba ndi a ofesi yoona za antchito. Munthu wa mu ofesiyi nthawi zambiri salemba mapulogalamu. Ali ndi chilengezo cha ntchito pambali, ndipo akuyang'ana ngati mayina amene ali pa chilengezocho akupezeka pa CV. Achiwiri ndi a mkulu wa gulu la olemba mapulogalamu, amene adzakhale nanu pa intavyu ndi kugwira nanu ntchito. Ameneyu amawerenga dzina lililonse la chida ngati chilolezo choti akufunseni za chidacho. Mukalemba Kubernetes, mwamuuza kuti ali ndi ufulu wofunsa chimene mumachita pulogalamu ikamangozima ndi kuyambiranso mkati mwa Kubernetes. Mukayankha kuti munangoonera vidiyo yake Loweruka lina, simutaya funso lokhalo. Amayamba kukayikiranso Python wanu, amene mumamudziwadi.

Tiyerekeze mtsikana amene anamaliza digiri ya zamakompyuta zaka ziwiri zapitazo. Chaka choyamba anagwira ntchito pa kakampani kopanga mawebusayiti, ndipo chaka chachiwiri walemba pulogalamu ya bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, la mtundu umene timautcha SACCO. Munthuyu ndi wongopeka, pamodzi ndi manambala ake onse, koma CV yake ndi yofanana ndi zambiri zimene zimafika m'maofesi. Waona chilengezo chofuna munthu wodziwa Python, Django ndi PostgreSQL, amenenso analumikizapo pulogalamu ndi njira zolipirira pafoni monga Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ndime yake ya maluso ili motere:

```
C, C++, Java, C#, Python, PHP, JavaScript, Kotlin, HTML, CSS,
Bootstrap, jQuery, React, Angular, Vue, Django, Flask, Laravel,
MySQL, PostgreSQL, MongoDB, Firebase, Docker, Kubernetes, AWS,
Git, GitHub, Linux, VS Code, Postman, Microsoft Word, Photoshop
```

Mayinawa ndi 32. Atatu amene kampani ikufuna alimo ndithu, koma Python ali pachisanu, Django ali pakati pa gulu, ndipo palibe chosonyeza kuti zimenezi ndi zimene mtsikanayu wadyera chaka chathunthu, pamene C++ anamuona komaliza pa mayeso a chaka chachiwiri.

Kudula mndandanda wotere kumafuna funso limodzi lofunsidwa moona mtima pa dzina lililonse: kodi chida ichi ndinapangira chinthu chimene anthu ena anagwiritsa ntchito, ndipo ndingafotokoze vuto limodzi limene chinandipatsa ndi mmene ndinalithetsera? Mbali yachiwiriyo ndiyo yolemera. Aliyense amene wagwiradi ntchito ndi chida ali ndi nkhani ya tsiku limene chinamuvutitsa. Amene alibe nkhani yotere anangochilawa.

C, C++, Java ndi C# zikugwa pomwepo, chifukwa zinali za m'kalasi, ndipo digiri imene yalembedwa m'munsi ikunena kale kuti anaphunzira zimenezo. Kotlin analembera kapulogalamu ka pafoni kamene sanakamalize. React, Angular ndi Vue ndi zida zitatu zogwira ntchito yofanana, yomanga mbali ya pulogalamu imene munthu amaiona pa sikirini, ndipo munthu wa zaka ziwiri pa ntchito akalemba zonse zitatu, wowerenga amangodziwa kuti palibe chimene wazama nacho. MongoDB, Firebase, Kubernetes, AWS ndi Flask anazikhudza potsatira maphunziro a pa intaneti. HTML, CSS, Bootstrap ndi jQuery amazidziwadi, koma ntchito iyi ndi ya kuseri, ya seva ndi detabesi, ndipo amene wamanga mawebusayiti chaka chathunthu safunika kulengeza kuti amadziwa HTML. VS Code ndi Postman ndi zida za pa tebulo zimene munthu amaphunzira masana amodzi. GitHub ionekera yokha pa linki ya pamwamba. Za Microsoft Word ndi Photoshop tisataye nthawi. Chotsala ndi ichi:

```
Python, SQL, JavaScript, PHP
Django, Laravel
PostgreSQL, MySQL
Git, Docker, Linux
```

Mwa mayina 32 aja apulumuka khumi, ndipo lawonjezekapo limodzi. SQL, chilankhulo chofunsira detabesi chimene mtsikanayu amalemba tsiku ndi tsiku, sichinalipo pa mndandanda woyamba. Zimenezi zimachitika kawirikawiri. Munthu akamasaka mayina omveka apamwamba amaiwala chimene chili m'manja mwake. Onaninso dongosolo lake: mzere woyamba ndi zilankhulo, wachiwiri ndi zida zomangira, wachitatu madetabesi, wachinayi zida zosungira ndi kuyendetsera ntchito, ndipo pa mzere uliwonse champhamvu chili kutsogolo.

Komabe ndime ya maluso, ngakhale yodulidwa bwino, ndi mawu a mwini wake chabe. Umboni uli pa mapulojekiti. Tikafuna mmisiri womanga nyumba sitimufunsa kuti wagwirapo mafosholo a mitundu ingati, timapita kukaona khoma limene anamanga ngati lang'aluka. Apa ndi pamene CV ya mtsikana wathu inali yowonda kwambiri. Pansi pa ntchito ya ku SACCO analemba mzere umodzi wokha, umene m'Chichewa tingati: "Ndinali ndi udindo wopanga ndi kusamalira pulogalamu ya bungwe." Ma CV a ntchito zotere amalembedwa m'Chingerezi, koma kuwonda kwa mzerewu n'komweko m'chilankhulo chilichonse. Ukunena za mpando umene anakhalapo. Za chimene anachita pa mpandopo palibe.

Tsono timufunse zimene zinachitikadi m'chaka chimenecho. Bungwelo lili ndi mamembala pafupifupi 1,200. Asanabwere iye, ngongole ndi zobweza zinkalembedwa mu Excel, ndipo membala akalipira pafoni, kalaliki ankakopera uthengawo pamanja. Iye analemba pulogalamu ndi Django, n'kusunga zonse mu PostgreSQL, kenaka n'kuilumikiza ndi njira yolipirira pafoni kuti malipiro azilowa okha.

Patapita milungu ingapo, mlembi wa zachuma anadandaula kuti mamembala ena akuoneka ngati abweza kawiri. Chifukwa chake chinali ichi. Membala akalipira, kompyuta ya kampani yotumiza ndalama imatumiza uthenga ku seva ya bungwe wonena kuti ndalama zalowa, n'kudikira yankho loti uthengawo wafika. Makina otere nthawi zambiri amakonzedwa kuti yankho likachedwa, mwina chifukwa netiweki yavuta, atumizenso uthenga womwewo. Si kulakwa kwa wotumiza, ndi njira yoonetsetsa kuti malipiro asasowe. Kulakwa kunali kwa pulogalamu ya mtsikanayu, imene inkalemba uthenga uliwonse ngati malipiro atsopano. Mankhwala ake anali kuzindikira kuti malipiro aliwonse amabwera ndi nambala yakeyake, ndi kuuza detabesi kuti ikane nambala imene yalowa kale:

```
CREATE UNIQUE INDEX ON malipiro (nambala_ya_malipiro);
```

Asanaike lamuloli anayenera kuyamba wachotsa malipiro obwereza amene analowa kale, chifukwa PostgreSQL imakana kulipanga ngati m'tebulo muli nambala ziwiri zofanana. Kenaka anakonza pulogalamu kuti uthenga wobwereza ukafika, iziyankha kuti walandiridwa koma osaulembanso, kuti wotumizayo aleke kubwereza.

Nkhani imeneyi ndiye chuma cha CV yake, ndipo anali ataisiya kunja n'kuikamo Photoshop. Kampani imene ikufuna munthu wolumikiza malipiro a pafoni idzakumana ndi vuto lomweli, ndipo mkulu wa gulu akuliopa kale. Mzere wouma uja ungasanduke mizere itatu yotere:

"Ndinalemba pulogalamu ya ngongole ndi zobweza ya SACCO ya mamembala 1,200 ndi Django ndi PostgreSQL, kulowa m'malo mwa mafayilo a Excel."

"Ndinailumikiza ndi malipiro a pafoni, ndipo ndinathetsa vuto la malipiro olembedwa kawiri pokaniza nambala yobwereza mu detabesi."

"Ndinafupikitsa nthawi yotulutsa lipoti la pamwezi kuchoka pa mphindi zinayi kufika pa masekondi khumi pokonza mafunso a SQL."

Mzere uliwonse wayamba ndi chimene iye anachita, watchula amene anathandizidwa kapena vuto limene linatha, ndipo chida chalowa mkati mwa chiganizo, pamalo pamene chinagwira ntchito. Django wa pa mndandanda ndi dzina chabe, koma Django wa mu mzere woyambawu ali ndi mamembala 1,200 kumbuyo kwake. Ndiponso mizere imeneyi ikusankhiratu mafunso a pa intavyu. Wofunsa akawerenga mzere wachiwiri adzafuna kudziwa mmene anatulukira vutolo, ndipo limenelo ndi funso limene mtsikanayu angaliyankhe ngakhale atadzutsidwa pakati pa usiku.

Za manambala pali chenjezo. Malangizo ambiri amati CV izikhala ndi manambala, ndipo anthu amamva ngati akuti apeke. Mumapeza wina walemba kuti anawonjezera liwiro la pulogalamu ndi maperesenti 40, koma mukamufunsa kuti anayeza bwanji, amayang'ana kudenga. Nambala yabwino ndi imene munaiwerenga kapena kuiyeza: anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu, nthambi za bungwe, malipiro odutsa pa mwezi, nthawi imene lipoti linkatenga kale ndi imene likutenga tsopano. Ngati simunayeze, nenani kukula kwa ntchitoyo m'mawu, mwachitsanzo kuti pulogalamuyo ikugwiritsidwa ntchito m'nthambi zitatu. Ndipo si nambala iliyonse imene ili yanu kuti muiulule. Kuchuluka kwa ndalama za m'thumba la bungwe, mayina a mamembala, kapena chithunzi cha sikirini choonetsa ngongole za anthu, zimenezo si zoika pa CV. Wolemba ntchito wanzeru akaziona amadziwa kuti zinsinsi zakenso mudzazinyamula chimodzimodzi.

Vuto lina ndi la ntchito ya pagulu. Mapulogalamu ambiri amalembedwa ndi anthu angapo, ndipo pali mayesero awiri: kudzitengera ntchito yonse, kapena kubisala m'mawu oti "tinapanga". Njira yoongoka ndi kunena kukula kwa gulu ndi gawo lanu: "M'gulu la anthu anayi, ine ndinalemba mbali ya malipiro." Amene waiwala zimene anachita, ngati akadali ndi chilolezo chotsegula nkhokwe ya khodiyo, Git ingamukumbutse:

```
git log --all --author="dzina lanu" --oneline
```

Lamuloli limatulutsa mndandanda wa zosintha zonse zimene munthuyo anasunga, ndipo kuwerenga mndandandawo kumadzutsa nkhani zimene zinaiwalika, ngati ya malipiro obwereza ija.

Kodi mapulojekiti akhale angati? Kwa munthu wa zaka ziwiri pa ntchito, awiri kapena atatu ofotokozedwa bwino ndi okwanira, ndipo CV yonse ikwane tsamba limodzi, ikatalikitsa awiri. Mtsikana wathu apereka mizere itatu ku SACCO ndi mizere iwiri ku kampani ya mawebusayiti, kumene PHP, Laravel ndi MySQL zidzaonekere m'malo ake. Kusiyana kwa kukulako n'kwadala, popeza ntchito imene ikufanana ndi chilengezo ndiyo iyenera kudya malo.

Amene angotuluka kumene ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni kapena ku UNIMA, osagwirapo ntchito yolipidwa, asaganize kuti mndandanda wautali ndiwo ungadzaze mpata. Pulojekiti ya chaka chomaliza, ntchito ya pa nthawi yoyeserera m'kampani, kapena kapulogalamu kolembetsera ana kamene munapangira sukulu ya kwanu, zonsezo zingalembedwe m'njira yomweyi. Chofunika n'chakuti pakhale munthu wina, osati inu nokha, amene anachigwiritsa ntchito kapena amene chinapangidwira. Chimene sichithandiza ndi kapulogalamu kokopera mzere ndi mzere kuchokera pa vidiyo ya maphunziro, monga kolembamo zochita za tsiku kapena koonetsa nyengo. Wofunsa waona timapulogalamu totere kambirimbiri, ndipo amatizindikira ngakhale mutasintha mtundu wa mabatani.

Linki ya GitHub nayo ndi lonjezo. Mukaiika, wina adzaitsegula. Akapeza nkhokwe makumi awiri zosamaliza, zopanda fayilo ya README yofotokoza chimene pulogalamuyo imachita ndi mmene angaiyendetsere, linkiyo yakuchotserani m'malo mokuonjezerani. GitHub imalola kukhomera nkhokwe zosapitirira zisanu ndi chimodzi pamwamba pa tsamba lanu, ndipo ziwiri zaudongo ndi zokwanira. Musanatumize CV, fufuzani ngati simunasiyemo mawu achinsinsi a detabesi kapena makiyi a njira yolipirira m'fayilo monga `.env`. Kufufuta fayiloyo lero sikuichotsa m'mbiri ya Git, ndiye kiyi imene inaonekera poyera ndi yofunika kuisintha. Khodi ya kwa abwana anu akale, imene si yanu, isapezekenso pamenepo. Pulogalamu ya SACCO ija mtsikanayu angaifotokoze m'mawu, koma sangaiike poyera popanda chilolezo.

Tibwerere ku makina aja. N'zoona kuti m'makampani akuluakulu, makamaka akunja amene amalemba anthu ogwira ntchito ali kwawo, CV imalowa m'pulogalamu imene imawerenga mawu ake, ndipo wolemba ntchito angathe kufufuza "PostgreSQL" n'kuona okhawo amene analemba dzinalo. Koma mawu amene amafufuzidwa ndi a pa chilengezo, osati mayina onse a padziko. Yankho lake si kuunjika. Ndi kuwerenga chilengezo ndi kulemba mayina amene mumawadziwadi monga mmene alembedwera pamenepo. Ngati alemba PostgreSQL, musafupikitse kuti Postgres. Ngati alemba JavaScript, musalembe JS yokha, ndipo musaganize kuti Java ikuimira JavaScript, chifukwa ndi zilankhulo ziwiri zosiyana. Sungani CV ngati PDF ya mawu enieni, osati chithunzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani fayiloyo, dinani Ctrl+A ndi Ctrl+C, n'kumata mu Notepad. Ngati mawu atuluka osakanikirana kapena sanatuluke n'komwe, makina nawonso avutika kuwerenga. Timizere tokongola toonetsa kuti Python mumamudziwa maperesenti 80 tichotseni. Makina satiwerenga, ndipo munthu amadabwa kuti maperesenti 80 a chiyani.

Izi zikutanthauza kuti CV imodzi singatumizidwe kulikonse. Ndi bwino kusunga fayilo yaitali yanuyanu, momwe muli mapulojekiti onse ndi zida zonse 32 zija, n'kumatengamo zoyenera ntchito iliyonse. Chida chimene chadulidwa lero chingabwerere mawa. Mtsikana wathu akaona chilengezo cha kampani yosamalira mawebusayiti akale, jQuery ndi Bootstrap zibwerera, ndipo ntchito ya mawebusayiti ikwera pamwamba pa ya SACCO. Amene anagwirapo DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira ziwerengero za umoyo imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ndipo imagwiritsidwa ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo ku Malawi, aiike patsogolo pofunsira ntchito ku bungwe la zaumoyo, koma kwa kampani ya zamalonda mzere umodzi ungakwane.

Ukalamba wa chida nawo umalankhula. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, ndipo Adobe Flash inatsekedwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Kuika mayina otere pa ndime ya maluso kumaonetsa ngati munthu anaima kalekale. Koma ngati munasamutsa pulogalamu kuchoka pa Python 2 kupita pa Python 3, imeneyo ndi ntchito yeniyeni, ndipo malo ake ndi pa pulojekiti, pamodzi ndi chaka chake.

Nanga chida chimene chili pa chilengezo koma mumangochidziwa pang'ono? Tinene kuti kampani ija yawonjezera kuti kudziwa AWS kungakhale kothandiza, ndipo mtsikanayu anangoikapo kapulogalamu kamodzi poyeserera. Asachibwezere pa mndandanda ngati chofanana ndi Django. Anene kukula kwake kwenikweni mu mzere umodzi, kuti anaika pulogalamu yoyeserera pa seva ya AWS EC2, kapena achitchule m'kalata yoperekeza CV, n'kuwonjezera kuti seva ya Linux ya ku SACCO ankaiyendetsa yekha ndi Docker. Wofunsa akamva zimenezo amadziwa poyambira, ndipo mafunso ake a AWS adzakhala a msinkhu umene mtsikanayu wanena yekha.